Mmene mungapezere polowera panu pa nkhani yoti aliyense analembapo kale

Malangizo a chikondi ndi banja afanana ndi tomato wa pa Lizulu tsiku la msika: aliyense wayala, milu ndi yofanana, ndipo wogula akungodutsa osaima. Tsegulani wailesi madzulo, khalani nawo pa chilangizo cha mkwatibwi, kapena werengani zimene anthu akutumizirana pa foni, mawu ake ndi omwewo. Banja ndi kupirira. Muzikambirana. Muzikhulupirirana. Mwamuna ndi pamimba. Si kuti mawuwa ndi abodza ayi, koma amene akuwamva anawamva kale kwa agogo ake, kwa abusa ndi kwa ankhoswe, ndiye inu mukawalembanso palibe chimene mwamupatsa.

Olemba ambiri akaona zimenezi amathamangira kukometsa mawu, kapena kufuna mutu wodzidzimutsa. Ine ndimaona kuti polowera patsopano sipapezeka pa tebulo lolemberapo. Pamapezeka mukapeza munthu amene malangizo akalewo sakumukwana, n'kudziwa chinthu chogwirika chimene chikumusowetsa tulo. M'munsimu nditsata nkhani imodzi yokha, kuyambira pamene ili mutu wamba wa "malangizo a banja" mpaka pamene yasanduka nkhani yoti munthu wa ku Nsipe kapena ku Bembeke aiwerenge mpaka kumapeto.

Choyamba: sonkhanitsani zakalezo, muzione bwino

Musayambe ndi kulemba. Tengani kope, mupeze malangizo khumi pa mutu wanuwo, kuchokera kosiyanasiyana: a m'nyuzipepala, a pa wailesi, a ku tchalitchi, a pa Facebook. Pa tsamba jambulani mizere iwiri yotsika kuti pakhale zigawo zitatu. M'chigawo choyamba lembani chimene akulangiza, m'chiganizo chimodzi. M'chachiwiri lembani amene akuuzidwa, kaya ndi mkazi, mwamuna kapena onse. M'chachitatu lembani zimene wolangizayo akuganiza kuti munthu wakeyo ali nazo, ngakhale sanazitchule.

Zigawo ziwiri zoyambazo zimadzaza msanga. Ntchito yeniyeni ili pa chachitatu, ndipo apa musathamange. Tengani langizo lakuti "musagone musanakhululukirane". Wolangizayo akuganiza kuti awiriwo amagona nyumba imodzi. Lina limati "musalole achibale kulowerera za m'banja mwanu". Ameneyu akuona banja la ku Area 25 kapena ku Chilomoni, lokhala nyumba ya lendi, achibale ali kutali. Nanga mkamwini wa kwa Kasumbu, amene khomo lake layang'anana ndi la apongozi, munda akulimawo ndi wa mbumba ya mkazi wake, ndipo akakangana usiku m'mawa mwake mudzi wonse wadziwa, achibale angawaletse bwanji kulowerera? Linanso limati "muzipanga bajeti limodzi mwezi uliwonse". Ameneyu akuganiza za malipiro a pa mwezi. Mlimi wa kachewere wa ku Tsangano ndalama imamupeza yambiri nthawi imodzi akakumba, kenako miyezi ingapo m'thumba muli gwa, ndipo mikangano ya m'nyumba mwake imatsata nyengo imeneyo, osati tsiku la 30.

Mukamaliza malangizo khumiwo mudzaona kuti chigawo chachitatu chikujambula munthu mmodzi yemweyo: wa m'tauni, wa pa ntchito ya pa mwezi, wokhala ndi mnzake nyumba imodzi, wopanda achibale pafupi. Aliyense amene sakufanana ndi munthu ameneyu ndiye kuti sanalemberedwe kanthu.

Chachiwiri: sankhani munthu mmodzi mwa osiyidwawo

Lembani anthu osiyidwa amene mukuwadziwa kwanuko. Kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu mndandanda sutenga nthawi: mkamwini, mkazi wa chitengwa wokhala pakati pa alamu ake, banja limene wina ndi wa ku Mozambiki tsidya la msewu, mayi wa geni amene amadzuka usiku kukapikula kabichi, mkazi amene mwamuna wake ali ku Joni. Sankhani mmodzi. Akhale woti alipo ambiri onga iye, woti mungathe kumufikira ndi phazi kapena ndi kabaza, ndiponso woti moyo wake mumaudziwa mokwanira kuti wina akakunamizani muzindikire.

Tiyeni titenge mkazi amene mwamuna wake ali ku Joni. Nkhaniyi si ya lero. Agogo athu ankapita ku migodi kudzera ku Wenela mpaka boma la Kamuzu linaimitsa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi obwerera kumudzi. Ulendowo unayambiranso pansi pa Teba, n'kutha mu 1988. Lero anyamata akupita okha pa basi, kutulukira pa chipata cha Dedza, kudzera ku Tete ndi ku Zimbabwe. Midzi yambiri ya m'mbali mwa msewu wa M1 ili ndi nyumba zimene bambo ake amangomveka pa foni.

Koma chenjerani apa, chifukwa ambiri amaimira pomwepa n'kuganiza kuti apeza. "Banja la anthu okhala motalikirana" ndi mutu chabe, ndipo nawonso ndi wodzaza. Malangizo ake mumawadziwa: muziimbirana foni kawirikawiri, muzikhulupirirana, musamamvere zonena za anthu. Mwapeza munthu, koma polowera simunapapeze.

Chachitatu: pitani kwa amene amakhalira milandu

Gawo ili ndi limene limasiyanitsa wolemba amene ali ndi kanthu ndi amene akungobwereza. Pa nkhani za banja pali anthu amene amamva zinthu zimene sizilembedwa: ankhoswe, anyakwawa, amayi olangiza ku mpingo, anamkungwi. Onjezani ena amene olemba amawaiwala, monga mmisiri womanga nyumba, wogulitsa malata ndi simenti pa Ntcheu boma, ndi mnyamata wa pa kakontena amene amatapitsa ndalama za Airtel Money ndi Mpamba. Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi ndi okwanira, bola asakhale a mtundu umodzi, ndipo pakhale amuna ndi akazi.

Kafunsidwe ndiye nkhani. Mukafika kwa nkhoswe wachikulire n'kunena kuti, "Malume, kodi n'chiyani chikuthetsa mabanja masiku ano?" mudzalandira ulaliki: ana amakono samva, mafoni aononga, ulemu unatha. Zimenezo mukanatha kulemba muli kunyumba. Musamufunse maganizo ake. Mufunseni zimene zinachitika. Nenani kuti, "Malume, musanditchulire maina ayi, koma mlandu womaliza umene munakhalira wa munthu amene ali ku Joni, tsiku loyamba amene anabwera kudzadandaula anati chavuta n'chiyani?" Akayankha, funsani kuti, "Nanga mutawakhazika pansi, munapeza kuti zinayamba liti?" Mafunso awiriwa kawirikawiri amabala mayankho osiyana, ndipo nkhani yanu ili pakati pa mayankho awiriwo.

Kwa amayi olangiza funsani chimodzimodzi, koma pa okha, amuna palibe. Mayi sangakuuzeni za apongozi a mwana wake pamene achimwene ake akhala pa mpando pomwepo. Kwa mmisiri funso ndi lina: "Achimwene, nyumba zimene munayamba kumanga ndi ndalama yochokera ku Joni n'kuima pa mawindo, zinaima chifukwa chiyani?" Mmisiri alibe mbali pa mlandu wa banjalo, chake ndi ndalama ya ntchito yake imene sanalandire, ndiye amanena mosabisa.

Musatulutse foni kuti mujambule mawu musanapemphe, ndipo kumudzi nthawi zambiri kope limaopsa pang'ono kuposa foni. Kwa amfumu musapite chimanjamanja kapena mosadziwitsa, pezani wokuperekezani. Mukangochoka pamalopo, khalani pansi pa mtengo mulembe zonse zimene mwamva musanalankhule ndi wina, makamaka mawu enieni amene munthuyo anagwiritsa ntchito. Usiku mudzakhala mutawasintha kale kukhala mawu anu.

Pomvetsera, tcherani khutu ku maina a zinthu, osati maina a makhalidwe. "Kusakhulupirika", "mwano", "nsanje" ndi makhalidwe, ndipo aliyense analembapo. "Malata", "puloti", "uvuni wa njerwa", "nambala yolandirira ndalama" ndi zinthu. Chinthu chimene chatchulidwa ndi anthu atatu osadziwana, chizungulizeni ndi cholembera.

Chachinayi: tsatani chinthucho mpaka mupeze tsiku limene zinayambira

Tiyerekeze kuti mwazunguliza "nyumba". Nkhoswe wanena kuti mkazi anabwera ndi dandaulo loti mwamuna wasiya kutumiza ndalama, mwina wapeza wina. Nyakwawa wanena kuti alongo a mwamuna anabwera kudzanena kuti mlamu wawo akudya ndalama ndi zibwenzi. Mmisiri wanena kuti anauzidwa pa foni kuti ayambe waima, malo asintha. Tsopano lumikizani, ndipo njira yabwino ndi kulemba nkhani ya banja limodzi longoyerekeza, chaka ndi chaka, kuti muone pamene pakuthyoka.

Mnyamata wa ku Bembeke wakwatira ku Nsipe, chikamwini. Ali ndi ana awiri, akukhala m'nyumba ya udzu pa malo a mayi a mkazi. Wapita ku Joni. Chaka choyamba akubweza ngongole ya thiransipoti, akutumiza ya feteleza ndi ya sopo kudzera pa Mukuru, ndipo palibe mkangano chifukwa ndalamayo ikuthera m'mimba ndi m'munda. Chaka chachiwiri wagula foni yabwino ya mkazi, njinga, mbuzi. Zonsezi ndi zinthu zoyenda, zoti zikhoza kunyamulidwa. Chaka chachitatu akuti tsopano timange ya malata. Apa ndi pamene ndalama yake ikufuna kukhala chinthu chosanyamulika, ndipo funso limene awiriwo sanafunsanepo chikwatirane likutulukira: imangidwe pa dothi la yani?

Malo alipo atatu, ndipo aliwonse ali ndi wolira wake. Ikamangidwa kwa mkazi, mwambo wakhutira, mkazi ndi ana ali pabwino, koma mwamuna akudziwa kuti banja likadzatha adzachoka ndi chikwama chokha, thukuta la zaka zitatu n'kutsala. Alongo ake ndi mayi ake ku Bembeke akumukumbutsa zimenezi pa foni sabata iliyonse. Ikamangidwa kwa mwamuna, mkazi ndiye akhala mlendo. Mwamuna akadzamwalira kapena kukwatira wina, iye adzabwerera ku Nsipe wopanda denga, pamene ndi iyeyo anaphikira oumba njerwa ndi kutunga madzi a matope. Malo achitatu ndi puloti yogula pa Kampepuza kapena pa boma, yosakhala ya mbumba iliyonse. Imeneyi imaoneka ngati yathetsa mlandu, koma imadya ndalama imene ikanagula malata, ili kutali ndi munda, ndipo imabala funso lina: pa pepala logulira palembedwe dzina la yani, poti mwamuna ali kunja ndipo wopita kukasaina ndi mkazi kapena mchimwene wake wa mwamunayo?

Onani zimene zimatsatira. Mwamuna, posafuna kunena poyera kuti akuopa kumanga kwa apongozi, akuyamba kutumiza ndalama ya malata kwa mchimwene wake. Mkazi akuona kuti ndalama yachepa, ndipo chifukwa chimene akuchidziwa chochepetsa ndalama ya mwamuna ndi mkazi wina. Achibale a mwamuna, pofuna kuti ndalama isabwerere ku Nsipe, akuyamba kunena kuti mlamu wawo amaoneka pa msika madzulo. Mlandu ukufika kwa ankhoswe utavala dzina la chibwenzi. Wolangiza wamba adzalemba za kukhulupirirana. Inu mwaona kuti pansi pake pali dothi.

Sindikunena kuti mabanja onse a ku Joni amasokonekera chifukwa cha nyumba, ndipo inunso musadzalembe choncho. Zibwenzi zilipo ndithu, mbali zonse ziwiri. Chimene mwapeza ndi njira imodzi yodziwika bwino imene mkangano umadzera, yoti ena sanailembe, ndipo imeneyo ndi yokwanira nkhani imodzi.

Chachisanu: lembani polowera panu m'chiganizo chimodzi, muchiyese

Chiganizocho chikhale ndi munthu, chinthu ndi nthawi. Chathu chingakhale chotere: "Ngati amuna anu ali ku Joni ndipo munakwatirana chikamwini, kambiranani za malo omangapo nyumba pamaso pa ankhoswe a mbali zonse njerwa isanaumbidwe, chifukwa mkangano umenewu ukachedwa umabwera ngati mlandu wa chibwenzi." Ngati simungathe kuchilemba m'mizere itatu, ndiye kuti mukadali ndi nkhani ziwiri kapena zitatu zomangidwa pamodzi. Masulani, mutenge imodzi.

Kenako chiyeseni. Chotsani "Joni" ndi "chikamwini", muikepo dziko lina lililonse. Chiganizo chikakhalabe choona, ndiye kuti ndi langizo wamba lovala zovala za kwathu. Chathuchi chikugwa mukachotsa chikamwini, ndipo kugwako ndiye umboni woti ndi cha pano. Yeso lachiwiri: kodi alipo munthu wanzeru amene angatsutse? Alipo. Wachikulire wina adzati mwambo unanena kale, mkamwini amamanga kwa mkazi, palibe chokambirana. Wina adzati kuitana ankhoswe pa nkhani ya ndalama ndi kuitanira achibale m'thumba. Langizo limene palibe angalitsutse, monga lakuti muzikondana, n'chifukwa chakuti silikunena kanthu.

Yeso lomaliza ndi la pakamwa. Nenani chiganizocho kwa munthu mmodzi wa mtundu umene mukulembera, osamuuza kuti mukulemba nkhani. Akati "ee, n'zoona zimenezo" n'kupitiriza zimene amachita, bwererani ku kope. Akaika pansi chimene wanyamula n'kuyamba kuti "zimenezotu ndi zimene zinachitikira achemwali anga", mwapeza. Anzanu olemba musawadalire pa yeso ili, amayamikira kalembedwe.

Mwina mutu wanu si banja koma masewero olimbitsa thupi. Njira ndi yomweyi. Chigawo chachitatu chidzakuonetsani kuti pafupifupi malangizo onse akuuza munthu wokhala pa mpando tsiku lonse, amene akufuna kuchepetsa mimba. Mnyamata wokweza matumba a kachewere m'malole pa Tsangano Tenofu, kapena wa kabaza wa njinga yopalasa wokwera zitunda za ku Dedza, kumuuza kuti azithamanga m'mawa ndi chipongwe. Chake ndi msana, mawondo ndi chakudya chokwanira ntchito yakeyo. Amene amakhalira milandu yake ndi azachipatala a pa chipatala chaching'ono ndi wogulitsa mankhwala opha ululu pa golosale. Kafunseni kumeneko.

Chachisanu ndi chimodzi: tsimikizani mwambo ndi lamulo musanalangize

Polowera patsopano pamakufikitsani pa malo amene ena sanapondepo, ndiye palibe wokukonzerani zolakwa. Pa nkhani yathuyi pali zinthu ziwiri zoti mufufuze.

Mwambo si umodzi m'maboma awiri a Dedza ndi Ntcheu. Midzi yambiri ya Achewa ndi ya Angoni a kwa Gomani ndi kwa Kachindamoto imatsata chikamwini, koma chitengwa chiliponso, ndipo mabanja ena anayamba chikamwini n'kudzapempha chitengwa pambuyo pake. Mukalemba kuti "kuno mwamuna amakhala kwa mkazi" ngati lamulo la aliyense, owerenga a chitengwa adzakusiyani pa ndime yomweyo. Nenani poyera kuti mukulankhula ndi a chikamwini, ndipo ngati malo alipo, ndime imodzi ionetse mmene nkhaniyo imatembenukira kwa mkazi wa chitengwa.

Lamulo nalo lili ndi mawu ake. Lamulo la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa mwambo, wa kwa ankhoswe, ngati ukwati weniweni. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa mkazi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu wa awiriwo banja likatha, ndipo khoti pogawa limayang'ananso ntchito ya pakhomo, osati ndalama yokha. Makhoti akhalanso akukumbukira udindo wa mwamuna wa chikamwini womangira mkazi nyumba kwawo kwa mkaziyo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linapanga kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana kukhala mlandu. Zimenezi zikusintha langizo lanu: mwamuna amene akuganiza kuti akamanga kwawo ndiye wathawa udindo wa kwa mkazi akhoza kudzapezeka akumanga kawiri. Koma inu si loya. Mukalemba ndime ya malamuloyo, pitani nayo kwa munthu wa ku ofesi yothandiza anthu pa milandu kapena kalaliki wa ku khoti la majisitireti, aiwerenge. Zimene sanakutsimikizireni, zichotseni.

Chachisanu ndi chiwiri: lembani, polowera pakhale pa khomo penipeni

Cholakwa chofala apa ndi kubisa chimene mwapeza pansi pa ndime zitatu za mawu oyamba. Munthu wayenda, wafunsa, wapeza nkhani ya dothi, koma akuyamba ndi "Banja ndi mphatso yochokera kwa Mulungu ndipo limafuna kudzipereka." Wowerenga waona tomato yemwe uja, wadutsa. Yambani ndi chinthucho: "Ndalama ya malata ikafika kuchokera ku Joni, funso loyamba si la geji ya malatawo. Ndi lakuti akakhomedwa pa mudzi wa yani." Mutu wa nkhani nawonso utchule chinthucho. "Malangizo kwa mabanja otalikirana" ndi mutu wakufa; "Amuna anu ali ku Joni: nyumba mumanga kwa yani?" uli ndi mwini wake.

Mukatha kufotokoza vutolo, perekani zochita zoti munthu angayambe mawa. Pa nkhani yathuyi zingakhale izi. Awiriwo ayambe kukambirana okha pa foni, mwamuna anene mantha ake ndi dzina lake, mkazi anene ake. Kenako nkhoswe wa kuchimuna ndi wa kuchikazi akhale pansi, mwamuna ali pa foni yokweza mawu, agwirizane za malo. Chimene agwirizanacho chilembedwe m'kope ndi deti, ankhoswe asaine, amfumu adziwe. Ngati ndi puloti yogula, maina onse awiri alembedwe pa pepala logulira, ndipo pepalalo lijambulidwe pa foni kuti aliyense akhale nalo. Ndalama ya nyumba izipita kwa munthu mmodzi wodziwika kwa onse, malisiti a simenti ndi malata azisungidwa. Palibe chachilendo pa zochitazi, koma palibe chimodzi mwa izo chimene mukanachilemba mukanayambira pa "muzikhulupirirana".

Pamene zimakonda kulakwika

Vuto loyamba ndi kusokoneza chatsopano ndi chodzidzimutsa. Mutu wakuti "Akazi a amuna a ku Joni onse ali ndi zibwenzi" udzawerengedwa ndi anthu ambiri tsiku limodzi, udzayambitsa ndewu m'nyumba zingapo, ndipo ankhoswe amene anakuthandizani sadzakutseguliraninso pakamwa. Chizindikiro chake ndi mawu akuti "onse", ndiponso kuti nkhaniyo ili ndi wolakwa mmodzi. Nkhani ya nyumbayi ilibe mfiti: mwamuna akuopa zoona, mkazi akuopa zoona, ngakhale alongo a mwamuna ali ndi chifukwa chawo. Mukaona kuti mbali ina mwailemba ngati zitsiru, ndiye kuti simunakambe nayo. Bwererani mukafunse.

Lachiwiri ndi kupanikiza kwambiri mpaka nkhani itsale ya banja limodzi. Ngati chiganizo chanu chikufuna kuti mwamuna akhale wa ku Bembeke, mkazi wa ku Nsipe, ana awiri, ndiye kuti mukulemba miseche. Mayina a malowo ndi a chitsanzo. Polowera peniponi ndi chikamwini, ndalama yochokera kutali, ndi chinthu chosanyamulika. Zitatuzi zikukwana msilikali, mphunzitsi wotumizidwa ku Chitipa, ngakhale mnyamata wogulitsa m'misewu ya ku Lilongwe.

Lachitatu ndi loopsa kuposa onse, chifukwa limapweteka anthu ena osati inu. Kumudzi kusintha dzina sikubisa munthu. Mukalemba kuti mayi wina wa kufupi ndi sukulu yakutiyakuti, amene amuna ake anapita ku Joni chaka chakuti ndipo nyumba yawo inaima pa mawindo, mudzi wonse wamudziwa musanafike pa ndime yachiwiri, ndipo nkhaniyo idzafika ku Joni pa WhatsApp dzuwa lisanalowe. Sinthani mudzi, chiwerengero cha ana, ntchito ya mwamuna ndi chaka, kapena phatikizani milandu itatu ikhale banja limodzi longoyerekeza, n'kuwauza owerenga kuti ndi loyerekeza. Musanatulutse, muwerengereni nkhoswe amene anakuuzani zambiri uja, mumufunse funso limodzi lokha: "Malume, pamenepa mukumuona munthu wake?" Akatchula dzina, sinthaninso.